Kulemba Kasewero ka Anthu Awiri m'Chipinda Chimodzi

Aphunzitsi ndi atsogoleri a achinyamata a kuno ku Mlangeni akafuna kukonza sewero la pa tsiku lotsekera sukulu kapena la pa msonkhano wa mpingo, kawirikawiri amaitana khamu lonse, nakhala ndi mfumu, sing'anga, woledzera ndi wapolisi, poganiza kuti kuchuluka kwa anthu ndiko kukoma kwa sewero. Koma aliyense amene anaonerapo Izeki ndi Jakobo, ndiwo malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, adziwa kuti anthu awiri okha akhoza kugwira mitima ya holo yodzaza. Pano ndifuna kulongosola mapangidwe a kasewero ka mphindi khumi, ka anthu awiri m'chipinda chimodzi, m'mene wina ayamba ali pamwamba namaliza ali pansi, popanda munthu wachitatu kulowa kudzawalanditsa.

Muyambe ndi kudzifunsa kuti mphamvu ya wamkuluyo ikuchokera kuti, pakuti mphamvu imene simungathe kuitchula dzina simungathenso kuisuntha. Ina ichokera ku chuma, ina ku udindo, ina ku ukulu wa pa mtundu, ndipo ina ichokera ku kudziwa chinthu chimene mnzako sachidziwa. Wamkuluyo mumpatse mphamvu yoonekera kwa onse, ndipo wamng'onoyo mumpatse ya mtundu wina, yobisika, chifukwa anthu awiri akamalimbana ndi chida chofanana wochepa sangapambane koma mwa bodza la mlembi.

Titenge chitsanzo chimodzi ndi kuyenda nacho mpaka kumapeto. M'mbali mwa msewu waukulu wa M1, kumene tsidya lake ndi Mozambique, munthu wina anali ndi golosale, ndipo ankakongozanso feteleza kwa alimi a mbatata ya kachewere. Munthuyo wamwalira. Mawa abale ndi ankhoswe akhala pansi pamaso pa nyakwawa kukamba za katundu wake, ndipo usiku uno mkulu wake wa malemuyo wafika kuti mkazi wamasiye ampatse makiyi a golosale ndi kope la ngongole. Mlamuyo ali ndi ukulu ndi mawu pa mtundu. Mayiyo ali ndi chinthu chimodzi chokha, ndicho chakuti kope lija ankalemba ndi iye. Onetsetsani kuti chimene aliyense akufuna chikugwirika ndi manja. Mukalemba kuti mayi akufuna ulemu, wosewera sadziwa chochita ndi thupi lake. Koma mukalemba kuti akufuna makiyi agone m'nsonga ya chitenje chake kufikira mawa, wosewera ali nacho chotchinjiriza ndipo oonera ali nacho choyang'anira.

Kenaka mutseke njira yothawira. Oonera ndi anthu anzeru, ndipo adzadzifunsa kuti mayiyu bwanji osangotuluka, kapena mlamuyu bwanji osangotsomphola makiyi n'kumapita. Yankho likhale m'nkhani momwemo: mayi sangatuluke pakuti ndi m'nyumba mwake ndipo ana agona kuchipinda, mlamu sangachite chiwawa pakuti anamfedwa ena agona pakhonde ndipo phokoso lingamchititse manyazi, komanso nkhaniyo singadikire pakuti kukacha ili m'manja mwa anthu.

Tsopano tifike pa chipinda chenichenicho, chimene ambiri amachiyesa malo ongoimapo, pamene icho ndicho chimayamba kulankhula osewera asanatsegule pakamwa. Simusowa zambiri: mpando umodzi, mphasa, tebulo laling'ono, nyali ndi chitseko. Mpando ukhale umodzi ndithu, ndipo ukhale wa malemu, kotero kuti mlamu akalowa n'kukhalapo osapatsidwa, holo yonse yamva kale cholinga chake. Mayi akhale pamphasa pafupi ndi khomo, maso pansi, monga mwa mwambo. Kope likhale patebulo poonekera kuyambira pachiyambi. M'moyo wa masiku onse timati chakudza sichiimba ng'oma, koma m'sewero chiyenera kuimba, ngakhale motsitsa: chinthu chimene chidzagwetse wamkulu oonera achione m'mphindi ziwiri zoyamba osazindikira ntchito yake. Chotero mlamu afunefune magalasi ake m'matumba nawasowa, adandaule za kuchepa kwa kuwala kwa nyali, anthu aseke n'kuiwala. Ndi magalasi omwewo amene adzamkakamiza kupereka kope m'manja mwa mayi.

Chichewa chatipatsa chida china chamtengo wapatali chimene olemba m'Chingerezi cha lero alibe, ndicho kusiyana kwa "iwe" ndi "inu". Mlamu ayambe ndi kunyazitsa, ndipo mayi asasiye ulemu ngakhale kamodzi:

MLAMU: Iwe, makiyi aja ali kuti? Chuma cha mng'ono wanga sichingagone m'manja mwa mlendo.

MAYI: Alipo, alamu. Koma mwayenda m'chisanu chonsechi, ndikutenthetsereni madzi a tiyi?

Apa mayi sanakane ndipo sanavomere, wangogula nthawi. Mumpatse zoyesa ziwiri kapena zitatu zolephera isanafike yopambana, ndipo chilichonse chikhale cha mtundu wake: ayambe ndi kuchereza, kenaka achonderere m'dzina la ana, kenaka atchule kuti dziko lili ndi lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011, limene limayesa kulanda katundu wa amasiye kukhala mlandu. Mlamu aseke zonsezi, anene kuti lamulo lili ku boma ku Ntcheu ndipo muno muli iye. Ndikulangizani kuti lamulolo lisakhale lopambanitsa mayi. Ndi loona ndipo n'kwabwino kuti anthu alimve, koma likangotchulidwa wamkulu n'kugwa pomwepo, sewero lasanduka phunziro la pa msonkhano wa chitukuko. Pa kulephera kulikonse mlamu akule, atambasule miyendo, akweze mawu, alamule ngati mwini nyumba. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo kukondwa kumeneku oonera akuone ndi maso.

Kutembenuka kufike cha pa mphindi yachisanu ndi chiwiri, ndipo kuchokere m'dyera la wamkuluyo mwini. Mukumbukire m'mene mneneri Natani anachitira ndi mfumu Davide m'buku lachiwiri la Samueli, mutu 12: sanalowe ndi chitonzo, koma anasimba nkhani imene inachititsa mfumu kugamula mlandu isanadziwe kuti ikudziweruza yokha. Momwemonso mlamu wathu, atalandira makiyi, akhumbe kudziwa ndalama zimene akatolere kwa okongola, ndipo popeza maso ake saona bwino alamule mayi kuti awerenge.

MLAMU: Werenga mokweza. Aliyense wolembedwa m'menemo abweza, ngakhale agulitse mbuzi. Wokana, dzina lake limveka pabwalo mawa.

MAYI: Aliyense, alamu?

MLAMU: Ndanena.

Mayi awerenge awiri atatu a ngongole zazing'ono, uyu thumba limodzi, uyo shuga ndi sopo, mlamu akugwedeza mutu mokondwa. Kenaka atembenuze tsamba, akhale chete, asendeze nyali pafupi, ndipo awerenge ndi mawu omwe aja osakweza: matumba asanu ndi atatu a feteleza, a zaka ziwiri zapitazo, osabwezedwa, ndi dzina la mlamu pambali pake. Pamenepa mlembi adziletse. Musampatse mayi ulaliki wautali wosimba zowawa zake zonse, pakuti amene walandira mphamvu safunanso mawu ambiri. Ndipo musampatse mlamu yankho lofulumira, pakuti fisi akagwa m'mbuna salankhula. Lembani m'malangizo a osewera kuti pakhale bata la kupuma kasanu, ndipo muwaphunzitse kulipirira, popeza achinyamata amaopa bata pa bwalo la sewero koposa m'mene amaopera kuiwala mawu.

Mphindi zitatu zotsalazo ndizo zoonetsa kuti mphamvu yasamukadi, ndipo njira yake ndi kutembenuza zonse zimene munaika poyamba. Amene ankafunsa mafunso tsopano ndiye akuyankha. Amene ankalamula kuti kuwerengedwe mokweza ndiye anyamuke pampando kukakankha chitseko, kuopa a pakhonde angamve. Ayese kukana, anene kuti anabweza pamanja. Mayi angomkumbutsa modekha kuti malemu ankadula mzere pa dzina la aliyense wobweza, ndipo amuonetse mizere ya ena. Ayese kufikira kope. Mayi alipinde m'chitenje nanena kuti ankhoswe ake analiona kale masana. Pomaliza lilime lake lisinthe lokha:

MLAMU: Mayi, inu mukudziwa m'mene mbatata inavutira chaka chija. Kodi zimenezi n'zofunika kuti zifike pabwalo?

MAYI: Mwanena ndinu, alamu, kuti aliyense.

Mawu akuti "inu" amenewo musawalozere chala ndipo musawabwereze kawirikawiri. Achewa ndi Angoni a m'holomo adzawamva okha. Mayi asakhale pampando wa malemu, chifukwa kutero n'kupyola muyeso ndipo amayi oonera adzamtaya. N'kokwanira kuti mpandowo ukhale wopanda munthu, mlamu ali chilili pakhomo, mayi akali pamphasa pomwe anayambira. Makiyi mlamu awaike yekha patebulo, osapemphedwa.

Zolakwika zimene ndaziona kawirikawiri ndi ziwiri. China ndi mpulumutsi wochokera kunja: pokhala kuti sukulu yophunzitsa apolisi tili nayo pafupi, ana athu amakonda kulowetsa wapolisi pamapeto kuti amange woipa, ndipo potero mayi uja sanapambane, wangolanditsidwa. China, chimene ndinagwamo ine ndemwe pa sewero langa loyamba, ndi kumpanga wamkulu kukhala chilombo chopanda chifukwa. Ndinalemba mlamu wongokalipa kuyambira polowa, ndipo oonera anaseka m'malo mochita mantha. Mumpatse choona chake: mwina ndiye analipirira mng'ono wakeyo sukulu, ndipo akhulupirira ndi mtima wonse kuti golosaleyo inamera pa thukuta lake. Akatero, kugwa kwake kudzawawa, ndipo amuna ena m'holomo adzayang'ana pansi.

Musanaonetse anthu, yesani ntchito yanu motere. Osewera achite kasewero konse osatulutsa mawu, angoyenda, kukhala, kunyamuka ndi kugwira zinthu, ndipo muitane munthu mmodzi amene sadziwa nkhaniyo, ngakhale mlonda wa pasukulu, aonerere pazenera. Akatha mumfunse kuti wamkulu anali yani poyamba, anali yani pomaliza, ndiponso zinthu zinasinthira pati. Akaloza nthawi imene mayi anasendeza nyali, mwakhoza. Akanena kuti sanaone kusintha, ndiye kuti mphamvu yanu ili m'mawu okha, ndipo mubwerere kukakonza mpando, chitseko ndi makiyi. Kenaka tengani pepala ndi kuwerenga mizere ya aliyense: m'theka loyamba yaitali ndi yolamula ikhale ya mlamu, ndipo m'mphindi zomaliza mizere yake ikhale ya mafunso ndi madandaulo, pamene ya mayi isapyole mawu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri.