Bwalo la Ntchito: Kuthokoza Mukatha Kufunsidwa pa Foni

Muulutsi: Mayi, kalata yathu lero yachokera kwa mtsikana wa ku Monkey Bay. Akuti: "Ndinafunsira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Cape Maclear. Lero m'mawa bambo olemba anthu ntchito andiimbira foni, tayankhulana mphindi 15. Kodi ndiwatumizire uthenga wothokoza, kapena aziti ndikunyengerera?"

Mlangizi: Tumizani, achemwali, dzuwa la mawa lisanalowe. Foni ngati imeneyi ndi sefa: amaimbira anthu angapo kuti asankhe oti adzaonane nawo maso ndi maso. Nkhope yanu sanaione, ndipo pofika madzulo mawu a onse amene awaimbira asakanikirana m'mutu mwawo. Uthenga wongoti "zikomo pondiimbira" aliyense angalembe. Chimene chingawakumbutse kuti ndinu uti ndi mfundo imodzi imene munakambirana.

Muulutsi: M'kalatamu akuti anafunsidwa chimene angachite ngati alendo alipira ulendo wa boti wopita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna, koma nyanja yawinduka. Iwo anangoyankha kuti angapepese.

Mlangizi: Mfundo yake ndi imeneyo. Yankho linaperewera, ndiye alimalizitse mu uthengamo. Alembe chonchi: "Bambo, ndine uja wa ku Monkey Bay munandiimbira m'mawa za ntchito yolandira alendo. Zikomo chifukwa cha nthawi yanu. Ndakhala ndikuganizira funso lanu la alendo opita ku Thumbi nyanja ikawinduka. Nditapepesa, ndingasinthire ulendowo m'mawa mwake ngati bata labwerera, ndipo tsikulo ndingawakonzere wowaperekeza wapansi ku Otter Point ndi kumanda a pa mishoni imene inakhazikitsidwa kumeneko mu 1875. Ntchitoyi ndikuifunadi." Kenaka dzina lawo lonse, basi.

Muulutsi: Bwanji osatchula zonse zimene anakambirana?

Mlangizi: Uthenga ukatalika umasanduka kalata yachiwiri yofunsira ntchito, ndipo munthu wotanganidwa saufika kumapeto. Kuti mudziwe ngati mwalemba bwino, dzifunseni ngati uthengawo mungautumize ku loji ina ya ku Nkopola osasintha liwu. Ngati zingatheke, ndiye kuti mfundo mulibe.

Muulutsi: Nanga autumize bwanji?

Mlangizi: Njira imene eniake anayamba nayo. Ngati anakulemberani imelo, yankhani pa imelo yomweyo. Ngati ndi WhatsApp, lembani mawu, musajambule mawu apakamwa, ndipo mutumize nthawi ya ntchito, osati usiku. Mulembe m'chiyankhulo chimene munayankhulana pa foni. Za mavuto a kunyumba musatchulemo, ndipo musalonjeze kamba kapena mayunitsi, chifukwa zimenezo zimaoneka ngati ziphuphu.

Muulutsi: Akapanda kuyankha?

Mlangizi: Musamaflashe. Ngati anati adzakuuzani Lachisanu, dikirani Lachisanulo lidutse, ndipo Lolemba mufunse kamodzi, mwaulemu.