Dipoziti Yanga Yakanirira kwa Eni Nyumba

WOULUTSA: Kalata yathu yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Chankhanga, pa Kasungu boma. Akuti: "Ndakhala m'nyumba ya lendi zaka zitatu, ndipo polowa ndidapereka dipoziti ya K120,000. Tsopano ndasamukira ku Chinkhoma, koma alandilodi akukana kundibwezera. Akuti penti yasuluka, simenti yapansi yang'ambika, felemu ya chitseko yadyedwa ndi chiswe, galasi la zenera lasweka ndipo khoma la kukhitchini lada ndi utsi. Ndiwalembere bwanji?" Bambo, tithandizeni.

MLANGIZI: Zikomo. Mayi, musanagwire cholembera, werenganinso pepala la mgwirizano ngati mudasainirana. Ngati lidanena kuti potuluka mudzapenta nyumba yonse, pamenepo mudadzimanga nokha. Ngati silidatero, pa chinthu chilichonse dzifunseni kuti: kodi akadakhalamo munthu wina wosamala, zikadachitikabe?

Penti ikadasulukabe, chifukwa dzuwa ndi fumbi la Kasungu sizisankha munthu. Ming'alu yopyapyala yoyenda pansi imabwera nyumba ikamakhazikika kapena simenti ikachepa pomanga. Imasiyana ndi dzenje lokumbika pamalo amodzi pomwe munthu ankasinjirapo mumtondo. Chiswe chimachokera m'nthaka, choncho felemu ndi ya eni nyumba, makamaka ngati mudawadziwitsa mutangoona dothi lake likukwera. Zitatuzi ndi kutha kwa nyumba, ndipo lendi imene munkapereka mwezi ndi mwezi idalipira kale.

Galasi silisweka ndi ukalamba, ndipo khoma lidada chifukwa mbaula inkayakira m'nyumba. Ziwirizi zivomereni.

WOULUTSA: Nanga m'kalatamo alembe chiyani?

MLANGIZI: Ayambe mwaulemu, "Okondedwa Bambo", kenaka atchule tsiku lolowa, tsiku lobweza makiyi ndi ndalama ya dipoziti. Alembe zoonongeka zimene akuvomereza pamodzi ndi mitengo yake, atafunsa kaye mmisiri. Tiyerekeze kuti galasi ndi K9,000, kupenta khoma limodzi lokhalo K18,000, ndipo bilu ya madzi yotsala ndi K13,000. Zonse ndi K40,000. Ndiye alembe kuti: "Chotsani K40,000, ndipo ndikupempha kuti K80,000 yotsalayo mundibwezere pasanathe masiku 14." Pansi pake andandalike zitatu zija, chilichonse ndi chifukwa chimene sichikuwakhudza. Eni nyumba akatsutsa mitengoyo, aonetse malisiti.

Mawu okalipa asalowemo, chifukwa kalatayi mwina idzawerengedwa pamaso pa anthu ena.

WOULUTSA: Akakanabe?

MLANGIZI: Mayi, sungani kope la kalatayo, zithunzi za nyumbayo, lisiti kapena uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wosonyeza kuti mudalipira. Pokapereka kalata mupite ndi mboni. Masiku 14 akadutsa, kadandauleni kwa amfumu a m'deralo. Zikakanika kumeneko, pitani ku khoti la majisitireti pa boma pomwepo, mutanyamula mapepala onsewa.