Kaundula Kapena Kucheza: Kusankha Njira ya Kafukufuku

Ophunzira uphunzitsi ambiri amatifunsa kuti, “Kodi m’kafukufuku wanga ndiwerenge manambala ndi kucheza ndi anthu, kapena ndingocheza nawo basi?” Ife timayankha ndi funso lina: kodi mufuna kudziwa chiyani?

Tiyerekeze kuti muli pa sukulu ina kufupi ndi Senga Bay, ndipo anyamata a Sitandade 6 amajomba kawirikawiri. Asodzi a chilimira amapha usipa usiku poukopa ndi nyali, ndipo ntchitoyi imakula pa mdima, mwezi ukakhala kuti sukuwala. Mwina tsono mukuganiza kuti kujombaku kumatsata mwezi.

Funso lotere lifuna njira yosakaniza. Njirayi yatsamira pa maganizo a akatswiri monga John Dewey, amene anamwalira mu 1952, akuti nzeru iyesedwe ndi ntchito imene yagwira. Choncho chida chilichonse choyankha funso n’chololedwa. Muyamba ndi kaundula wa teremu yathunthu, n’kulemba ojomba tsiku ndi tsiku, anyamata paokha, atsikana paokha, kenaka n’kuyerekeza ndi masiku a mdima. Ntchitoyi si yamasewera ayi: ana 80 pa masiku 60 ndiye zizindikiro 4,800. Mukatero musankha ana asanu ndi mmodzi ojombetsa ndi ena awiri osajomba konse ngakhale kwawo n’kwa asodzi, n’kucheza nawo pamodzi ndi makolo awo. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amalemba mutu wa manambala ndi mutu wa zocheza, koma mitu iwiriyo osalankhulana. Manambala ndiwo ayenera kukulozerani woti mucheze naye, ndipo zocheza zimasulire manambalawo.

Koma musanasankhe njirayi, muyeseni kaundulayo. Pa masukulu ena amadzazidwa Lachisanu mongokumbukira. Werengani nokha ana m’kalasi m’mawa masiku atatu, ndipo muone ngati zikugwirizana ndi zolembedwa. Mukapeza kuti mwana amene simunamuone walembedwa kuti analipo, dziwani kuti manambala anu adzakhala nyumba yopanda maziko.

Zikatero, kapenanso ngati funso lanu lili lakuti, “Kodi mnyamata wogwira kale ndalama kunyanja amaiona bwanji sukulu?”, sankhani njira yongocheza ndi kupenyerera. Njirayi imati choona cha nkhani yotere chili m’matanthauzo amene eni ake amapereka. Mudzapita kudoko m’mawa, mutapempha chilolezo kwa amfumu ndi makolo, n’kumva mawu a anawo, m’Chichewa kapena m’Chiyao. Mudzaleka kucheza pamene wachikhumi akungobwereza zimene ena ananena kale.

Ena amaithamangira njirayi poopa masamu. Ameneyo ndi mantha chabe, pakuti kulemba zocheza za ola limodzi kumadya maola angapo. Ndipo ili ndi malire ake. Mungathe kufotokoza chifukwa chimene anyamata khumiwo amajombera, koma simungalembe kuti “ana ambiri a m’mbali mwa nyanja ku Salima amatero,” popeza simunawawerenge.