Dzina la Bizinesi Yanu Lisakhale la Mnzanu wa ku Msika Woyandikana

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za feteleza ndi mizere, tikambe za dzina. Masiku ano alimi ambiri a kuno kumapiri a Dedza sakungolima ayi, akuyambanso timabizinesi: wina wogulitsa mbewu ya mbatata ya kachewere, wina sitolo ya zipangizo zaulimi, ena kalabu yosonkhanitsa nyemba ndi kabichi. Ndaona kuti anthu amatha miyezi akukambirana za mpamba ndi malo, koma dzina amalisankha madzulo amodzi msonkhano uli pafupi kutha, aliyense akufulumira kukatsekera mbuzi. Mapeto ake ndi amene timawaona m'mbali mwa msewu waukulu kuchokera pa Linthipe, kudzera pa Chimbiya ndi pa boma, mpaka kukafika pa Lizulu: Tikondane apa, Tikondane apo, Tiyanjane kutsidya kwa msewu, Chisomo paliponse.

Mayina amenewa ndi abwino ndithu, ndipo sindikuwanyoza. Vuto lake nlakuti dzina la bizinesi silolembera inu eni ake kapena mamembala anu. Ndi la wogula, makamaka wogula amene akufuna kubwereranso kwa inu kapena kutuma mwana kuti akagule kwa inu osati kwa wina.

Tiyerekeze kuti alimi khumi a kufupi ndi ku Bembeke agwirizana zogulitsa mbewu ya mbatata. Amasamala munda wao, amazula mbewu iliyonse yooneka yodwala, amasinthasintha malo olima, ndipo amasunga mbewuyo m'nkhokwe yolowa kuwala kuti iphuke timaso tatifupi tolimba. Asindikiza dzina loti Tikondane pa matumba 200. Sakudziwa kuti ku msika wina wa m'boma lomweli kuli munthu wina amene amagulitsanso mbewu ndi dzina lomwelo, koma iye amangotola timbatata tating'onoting'ono totsalira pa msika nkumati ndi mbewu. Mlimi wagula kwa munthuyo, wabzala, ndipo patapita masabata angapo mbatata zayamba kufota dzuwa likatentha ngakhale nthaka ili yonyowa. Akadula mbatata yake akuona mzere wofiirira wozungulira mkati, akafinya pakutuluka timadzi toyera ngati mafinya. Amenewa ndi matenda ofotetsa mbatata, amene amayenda ndi mbewu ndipo amakhalitsa m'nthaka kwa zaka. Mlimi uja akamadandaula kwa anzake sanena kuti anagula kwa Tikondane uti. Amangoti, "Mbewu ya Tikondane yandiwonongera munda." Alimi khumi aja, amene sanalakwe chilichonse, mbiri yao yaipa, ndipo matumba 200 aja ali ndi dzina limene anthu ayamba kulithawa.

Nchifukwa chake ndimati dzina lizisankhidwa ndi kufufuzidwa musanalipire wolemba chikwangwani, musanadinditse matumba ndiponso musanapangitse chidindo.

Nanga dzina losaiwalika limakhala lotani? Tengerani chitsanzo pa mbewu ya chimanga imene nonse mumaidziwa. Kampani ya Seed Co ili ndi mbewu zokhala ndi manambala, monga SC 403, SC 627 ndi SC 719, koma ndi alimi angati amene amatchula manambalawa pa sitolo? Ambiri amangoti Kanyani, Mkango, Njovu. Mayinawa amagwira chifukwa ndi afupi, ndipo ndi zinthu zimene munthu angazione m'maganizo mwake ndi kuzijambula pa thumba. Agogo amene sanapite ku sukulu amaloza chithunzi, wogulitsa nkuwapatsa chimene akufuna. Chikondi, chisomo ndi umodzi simungazijambule. Khasu, nkhwali, mtondo kapena dengu mungajambule. Apa ndichenjezeretu: tengani nzeru yake yokha, musatenge mayinawo. Kulemba Njovu kapena Kanyani pa thumba la mbewu zanu ndi kudziputira mlandu ndi eni ake.

Pali misampha iwiri imene alimi a mbatata kuno kwathu amagweramo kawirikawiri. Woyamba ndi kutenga dzina la mtundu wa mbewu. Mu 2011 boma linavomereza mitundu yatsopano ya mbatata ya kachewere, ina mwa iyo ndi Chuma, Thandizo, Zikomo ndi Mwai. Mayina okoma onsewo, ndipo ndi omwewo amene amabwera msanga m'mutu posankha dzina la kalabu. Koma mukalemba Thandizo pa thumba la mbewu pamene mkatimo muli Violet kapena Rosita, wogula adzaganiza kuti wagula mtundu wa Thandizo. Akadzakolola zosiyana ndi zimene amayembekeza adzati mwamunamiza, ndipo kunena zoona sadzakhala akulakwa kwenikweni.

Msampha wachiwiri ndi dzina la dera lokha. Nzoona kuti ogula a ku Lilongwe ndi ku Blantyre akamva kuti mbatata ndi ya ku Dedza kapena ya ku Bembeke amaikhulupirira. Koma dzina la dera ndi la aliyense wokhala kumeneko. Simungaletse mnzanu wa mudzi woyandikana kulemba Bembeke pa thumba lake, poti nayenso kwao nkomweko. Dzina la dera liikeni pansi ngati keyala, pamwamba pakhale dzina lanulanu.

Tibwerere kwa alimi khumi aja. Tinene kuti tsopano ali ndi mayina anayi papepala: Tikondane, Chuma, Bembeke, ndi lina limene mayi wina anatchula moseka, loti Khasu Lofiira. Chuma lagwa chifukwa ndi mtundu wa mbatata. Bembeke latsikira pa mzere wachiwiri. Atsala awiri. Ine ndimalangiza kuti musamatsale ndi dzina limodzi lokha, muzikhala ndi awiri kapena atatu, chifukwa limene mwalikonda likhoza kupezeka kuti lili ndi mwini.

Yeso loyamba ndi la pakamwa, ndipo sililira ndalama. Uzani anthu asanu amene sali m'gulu lanu dzinalo kamodzi kokha, osawapatsa pepala. Asankheni osiyana: mwana wa sukulu, gogo, wa kabaza, wokazinga tchipisi pa chiwaya, ndi wina amene chilankhulo cha kwao si Chichewa, poti misika yathu imabwera anthu olankhula Chiyao ndiponso anzathu a ku Mozambique. Pakapita masiku atatu afunseni kuti dzina lija linali chiyani. Ngati atatu mwa asanuwo akulisintha, wina kuti Tikondane, wina Tiyanjane, wina Tigwirizane, dziwani kuti ogula anu adzachitanso chimodzimodzi. Litchuleninso pa foni netiweki ili yodukaduka. Dzina lofuna kuti mulitchule katatu kapena muuze munthu kalembedwe kake si loyenera malonda a pa foni.

Tsopano kufufuza ngati wina akuligwiritsa ntchito kale. Apa mpamene anthu amalakwitsa kwambiri, chifukwa amayesa kuti "pafupi" ndiye kuti m'mudzi mwao. Pafupi pa bizinesi ndi paliponse pamene katundu wanu amafika ndi kumene ogula anu amachokera. Ngati mbatata zanu zimatsikira pa msewu waukulu, ndiye kuti Lizulu ndi pafupi, ngakhale ili m'boma la Ntcheu. Chimbiya ndi Linthipe ndi pafupi. Ngati mumagulitsa mbewu kwa alimi a ku Lobi, ku Thete kapena ku Mayani, misika imeneyo nayo ndi pafupi. Tumani mamembala awiri ayende m'misika imeneyi pa tsiku la msika, osati tsiku wamba, poti amalonda ambiri amaoneka tsiku lokhalo. Asamangowerenga zikwangwani. Mabizinesi ambiri a mbewu alibe chikwangwani, dzina lao lili pa matumba ndi m'kamwa mwa anthu. Afunse wapampando wa msika, odulitsa ziphaso, onyamula katundu ndi oyendetsa malole a mbatata, ndipo funso likhale lakuti, "Kodi mukumudziwa wina wogulitsa mbewu wotchedwa mwakuti?" Anthu amenewa amadziwa mayina amene sanalembedwe paliponse.

Pofufuzapo muzimvera kamvekedwe, osati kalembedwe kokha. Mwai ndi Mwayi ndi dzina limodzi m'khutu. Chimodzimodzinso mayina osiyana pa l ndi r pokha. Kuwonjezera nambala kapena mawu oti "watsopano" kutsogolo kwa dzina la mnzanu sikuthandiza, wogula amadula mawu owonjezerawo nkutsala ndi dzina lakale lomwe lija. Komanso si kufanana kulikonse kumene kuli koopsa. Ngati pa Thete pali telala wotchedwa Khasu Lofiira, palibe amene angasokoneze mbewu ya mbatata ndi diresi, ngakhale kuti ku ofesi yolembetsa akhoza kulikanabe dzinalo ngati telalayo analembetsa kale. Koma ngati ndi wogulitsa mbewu, feteleza kapena mankhwala a mbewu, lisiyeni dzinalo pomwepo.

Mukatha misika, pitani kwa alangizi a zaulimi a dera lanu. Iwo amadziwa makalabu ndi makopaletivu a alimi a m'dera lonse, ndipo angakuuzeni msanga kuti a Tikondane alipo kale angati. Kenaka pitani ku khonsolo ya boma la Dedza kumene amapereka malaisensi a malonda, mukafunse ngati dzinalo analiperekapo laisensi. Amene muli ndi foni ya intaneti lembani dzinalo pa Facebook ndi pa Google pamodzi ndi mawu oti Dedza, muone chimene chituluke.

Chomaliza ndi kulembetsa ku boma. Lamulo lolembetsa mabizinesi limene linakhazikitsidwa mu 2012 ndi limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la mayina a mabizinesi, ndipo ntchitoyi imagwiridwa ndi ofesi ya boma imene ambiri timaidziwa kuti ya Registrar General. Masiku ano kulembetsaku kumatheka pa intaneti kudzera pa MBRS, kotero simufunikanso kukwera basi ya ku Blantyre monga kale. Akamalandira pempho lanu amayang'ana m'kaundula ngati dzinalo kapena lofanana nalo lili ndi mwini. Ngati gulu lanu likufuna kukhala kopaletivu, kulembetsa kwake nkosiyana, kumachitikira ku unduna wa zamalonda motsata lamulo la makopaletivu.

Koma musaganize kuti ofesiyo ikavomera ndiye kuti zonse zatha. M'kaundula muli okhawo amene analembetsa, pamene amalonda ambiri a m'misika yathu sanalembetsepo. Munthu wa timbatata totsalira uja simudzamupeza mu kompyuta ya boma, mudzamupeza pa msika. Nchifukwa chake ndaika misika patsogolo, ofesi pambuyo. Dziwaninso kuti kulembetsa dzina la bizinesi sikuteteza chithunzi chanu cha pa thumba. Chizindikiro cha malonda chili ndi lamulo lakelake, la 2018, ndi kulembetsa kwakekwake, zimene mungaziganizire malonda akakula.

Dzina likavomerezedwa, lilembeni mofanana paliponse: pa chikwangwani, pa matumba, pa lisiti ndi ku banki. Samalaninso ndi nambala yolandirira ndalama ya Airtel Money kapena Mpamba. Wogula wa ku Lilongwe akamatumiza ndalama amaona dzina pa foni yake, ndipo ngati thumba likuti Khasu Lofiira koma foni ikuonetsa dzina la mlamu wa msungichuma, ambiri amaima kaye nkuyamba kukayika. Ngati simunapezebe nambala ya bizinesi, lembani pa lisiti dzina limene lidzaoneke pa foni, ndipo muuzeni wogulayo asanatumize.