Mizere ya pa tchati: mafunso ndi mayankho

Woulutsa: Makalata a lero akukhudza matchati a mitengo ya masheya ndi ndalama zakunja. Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Mzuzu. Akuti: "Ndimamva anthu akunena za sapoti ndi rezisitansi. Kodi mizere imeneyi amaijambula bwanji?"

Katswiri: Zikomo bambo. Tiyerekeze kuti sheya ya kampani ina yatsika kufika K100 katatu pa miyezi ingapo, ndipo nthawi zonse ikafika pamenepo imabwerera m'mwamba. Mukalumikiza malo atatuwo ndi mzere, ndiye sapoti. Ngati sheya yomweyo imakanika kupitirira K120, pamenepo ndi rezisitansi.

Chimachititsa n'chakuti anthu amakumbukira. Amene anaphonya kugula pa K100 amadikira kuti mtengo ubwererenso. Amene anagula pa K120 kenako mtengo n'kutsika, amangofuna kubweza ndalama zawo, choncho ukangofikanso pa K120 amagulitsa, ndipo kuchuluka kwawo kumaubweza pansi. N'chifukwa chake sapoti ikathyoka imasanduka rezisitansi kawirikawiri: ogula pa K100 aja tsopano ndiwo akufuna kutuluka.

Koma musathamangire kunena kuti mzere wathyoka chifukwa mtengo wangodutsa pang'ono masana. Onani pamene watsekera madzulo, muonenso kuchuluka kwa masheya amene agulitsidwa tsikulo. Apa ndichenjeze anzanga ogula pa msika wathu wa masheya ku Blantyre. Masheya a makampani ena amatha masiku osagulidwa n'komwe. Mzere wojambulidwa pa malonda awiri kapena atatu aang'onoang'ono sukukuuzani maganizo a msika.

Woulutsa: Mayi wina wa ku Lilongwe akufunsa: "Pa foni yanga pali mzere wokhotakhota wolembedwa SMA. Ndiukhulupirire?"

Katswiri: Mayi, imeneyo ndi avareji yoyenda. Tiwerengere limodzi ya masiku 5. Mitengo yotsekera ndi K100, K102, K101, K105 ndi K107. Kuphatikiza ndi 515, kugawa ndi 5 tipeza 103. Mawa lake mtengo wagwa kufika K95. Timachotsa tsiku lakale kwambiri, la K100 lija, n'kulowetsa la K95. Tsopano ndi 510, avareji ndi 102. Mwaona? Mtengo wagwa ndi K12, koma avareji yatsika ndi K1 yokha.

Ubwino wake ndi womwewo, vuto lakenso ndi lomwelo. Imakuonetsani kumene mtengo wakhala ukulowera popanda kukusokonezani ndi kudumphadumpha kwa tsiku lililonse, koma imafika mochedwa. Ambiri amagwiritsa ntchito ya masiku 50 ndi ya masiku 200, ndipo amagula yaifupi ikadutsa pamwamba pa yaitali. Pofika nthawiyo mtengo umakhala utakwera kale. Msika ukamangozungulira pamalo amodzi, mizereyi imadutsana mobwerezabwereza, inu n'kumagula modula, kugulitsa motchipa, uku mukulipira komishoni ulendo uliwonse.

Woulutsa: Yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Zomba amene amachita malonda a ndalama zakunja pa intaneti. Akuti: "Ndikaika lamulo loti andigulitsire mtengo ukatsika kudutsa sapoti, si ndiye kuti sindingaluze zambiri?"

Katswiri: Achimwene, funso lanu ndi limene limandidetsa nkhawa. Lamulo limenelo ndi labwino, pitirizani kuliika, koma mvetserani zimene zinachitika ku Switzerland. Kuyambira mu Seputembala 2011, banki yaikulu ya dzikolo inalonjeza kuti yuro imodzi sidzatsika kuposa mafaranki 1.20. Kwa zaka zoposa zitatu mzerewo unagwira, chifukwa bankiyo inkagula mayuro nthawi zonse mtengo ukayandikira. Panalibe sapoti yooneka yolimba ngati imeneyo pa tchati, ndipo anthu ambiri ankagula pamwamba pake pang'ono ndi ndalama zobwereka.

Pa 15 Januwale 2015 bankiyo inalengeza mwadzidzidzi kuti yasiya. M'mphindi zochepa yuro inagwa kufika pansi pa faranki imodzi. Amene anaika lamulo logulitsa pa 1.19 sanapeze wogula pamtengo umenewo, ndipo malonda awo anatsekedwa pansi kwambiri. Ena anataya zonse n'kutsalanso ndi ngongole. Kampani ya malonda a ndalama zakunja ya Alpari ya ku Britain inagwa chifukwa cha tsiku limenelo.

Tchati sichikanatha kuona zimenezi, poti chimangolemba malonda amene achitika kale, pamene chigamulocho chinapangidwa m'chipinda cha akuluakulu a banki. Ndiye musanagule, yang'anani ndalama zimene mwabwereka. Ngati mwaika K100,000 koma mukuyendetsa malonda a K5,000,000, mtengo ukangotsika ndi 2 peresenti ndalama yanu yonse yatha.

Woulutsa: Nthawi yatithera. Pitirizani kutilembera.