Awiri si ambiri m'Chiarabu

Kalata ya lero yachokera kwa mphunzitsi wa pa madrasa ina ku Mangochi. Akudandaula kuti ana awo a sekondale amasokoneza muthanna, mawu onena za awiri, ndi jamu saalim, mawu onena za ambiri osathyola tsinde.

Nzosadabwitsa, poti m'Chichewa "aphunzitsi" angakhale awiri kapena khumi. Choncho phunziro liyambe ndi anthu, osati bolodi. Mnyamata mmodzi aimirire, kalasi inene "muallim". Abwere wachiwiri: "muallimaani". Wachitatu akafika: "muallimuuna". Atsikana nawonso achite chimodzimodzi: "muallima", "muallimataani", "muallimaat". Apa mphunzitsi aonetse kuti taa marbuuta imatambasuka pa awiri, koma pa ambiri imachoka.

Pakutha mphindi khumi, aike "maa", kutanthauza "pamodzi ndi", patsogolo pa mawuwo. Mathero asintha: "muallimaini" kwa awiri, "muallimiina" kwa ambiri. Ana ambiri amagwa pomwepa, chifukwa popanda haraka mawu awiriwa amalembedwa mofanana. Aliyense alembe fatha kapena kasra pa miim yomaliza, awerenge mokweza.

Mawu ngati "kitaab" adikire tsiku lina, chifukwa kuchuluka kwake, "kutub", kumathyola tsinde.