Mafomu 200, ngongole 36: enawo athera pati?

Wowulutsa: Kalata yathu yoyamba yachokera kwa mlembi wa kopaletivi ina ya alimi a soya ndi mtedza kwa Mkanda. Akuti: "Chaka chilichonse anthu ambiri amatenga mafomu a ngongole, koma olandira amakhala ochepa. Mlangizi anatiuza kuti tijambule tchati cha fanulo. Tiyambire pati?" Mayi, ayankheni.

Katswiri: Zikomo, achimwene. A mlembi, tengani kope, lula ndi pensulo basi. Lembani makwerero amene munthu amadutsa, kaya ngongoleyo ndi ya FINCA kapena SACCO, ndipo pa khwerero lililonse muwerenge amene afikapo. Tiyerekeze kuti otenga fomu ndi 200. Obweza fomuyo pamodzi ndi fotokope ya chiphaso cha unzika ndi kalata ya amfumu, 150. Otsegula akaunti n'kuika ndalama ya chikole, 60. Ovomerezedwa, wopereka ngongole atayendera munda kapena geni yawo, 48. Olandira ndalama, 36.

Gulu lililonse mulijambulire mzere wopingasa, sentimita imodzi iimire anthu 20. Wapamwamba ukhala masentimita 10, wachiwiri 7 ndi theka, wachitatu 3, choncho mpaka pansi. Mukaiika pakati pa tsamba, ioneka ngati fanulo yothirira palafini.

Koma ntchito yeniyeni ili apa. Gawani nambala iliyonse ndi imene ili pamwamba pake, osati ndi 200 ija. Pa khwerero la mafomu adutsa 75 pa 100 alionse. Pa chikole, 60 mwa 150, ndiye kuti 40 okha pa 100. Kwinako 80, kenako 75. Ndiye pamene pakuthera anthu anu ndi pa chikole, ngakhale kuti madandaulo ambiri mumawamva kwa anthu 12 amene agwera kumapeto.

Wowulutsa: Bwanji osangolemba anthu ambiri poyambirira pomwepo?

Katswiri: Zimenezo ine sindigwirizana nazo. Mukalemba 300, olandira akhala 54, koma obwerera chimanjamanja 246, ndipo ambiri a iwo awononga kale ndalama pa fotokope ndi kabaza. Mukakonza pa chikole kuti padutse 90 m'malo mwa 60, olandira akhozanso kufika 54, popanda kuvutitsa wina aliyense watsopano. Ndikuti "akhoza" chifukwa amene mwawathandizawo mwina sangadutse kutsogoloko mofanana ndi anzawo aja.

Tchati chimangoloza malo, chifukwa chake mukachipeze nokha. Anthu 90 amene atsalira pa chikole muwayendere, ndipo muwagawe pawiri: okanidwa ndi osiya okha. Wosiya yekha mwina ndalama ya ulendo wa ku Boma kukatsegula akaunti inamukulira, kapena chikole chinafunidwa mu Novembala, ndalama ya soya itatha kalekale. Ameneyo mungamuthandize posonkhetsa chikole mu Meyi kapena Juni, anthu akugulitsa mbewu, kapena kudzera ku banki m'khonde. Wokanidwa chifukwa cha ngongole yakale nkhani yake ndi ina, ndipo musamukankhire mu ngongole yatsopano. Si aliyense wogwa amene ayenera kudzutsidwa: wina wawerengera chiwongoladzanja n'kuona kuti sangakwanitse, ndipo wachita bwino kusiya.

Wowulutsa: Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa geni ya tomato kwa Kamwendo. Akuti gulu lawo linajambula, koma olandira anachuluka kuposa ovomerezedwa. Zatheka bwanji?

Katswiri: Mayi, mwasakaniza magulu. Mwa olandira mwezi uno muli ena amene anavomerezedwa miyezi yapitayo. Mzere wapansi ukatalika kuposa wapamwamba pake, dziwani kuti kuwerenga kwalakwika. Tengani okhawo amene anatenga fomu mwezi umodzi, muwatsate dzina ndi dzina mpaka kumapeto. Amene akudikirabe yankho muwalembe pambali, musawaike pa ogwa. Ndipo ngati gulu lanu ndi la anthu khumi, lembani manambala enieniwo, chifukwa munthu mmodzi yekha amasintha chiwerengero ndi 10 pa 100.

Wowulutsa: Mwachidule, mnyamata wina wa ku Kapiri akufunsa ngati zingagwire pa zofunsira ntchito.

Katswiri: Eya, zimagwira. Makalata amene watumiza, amene anamuyankha, amene anamuitana ku intavyu, amene anamulemba. Akatumiza 30 osaitanidwa n'kamodzi komwe, ayang'ane kalata yake ndi mtundu wa ntchito zimene akufunsira. Akamaitanidwa koma osatengedwa, akonze mayankhidwe.

Ndibwerere kwa a mlembi pang'ono, nthawi isanathe. Pambali pa dzina lililonse muzilembanso tsiku limene munthuyo wafika pa khwerero lililonse. Fanulo payokha sionetsa masiku, ndipo mlimi wa soya amene walandira ndalama ya mbewu mu Febuluwale tchati chimuwerenga ngati wopambana, pamene nyengo yodzala yamudutsa.